Musanapereke ndalama pa kiyibodi kapena piyano yakale, dinani kiyi iliyonse

Wogulitsa kiyibodi akafuna kukukopani, chala chake chimathamangira pa batani lolembedwa DEMO. Nthawi yomweyo ng'oma zimayamba, malipenga amalowa, besi imagunda pansi, ndipo a komiti ya kwaya amene atumidwa ndi ndalama za mpingo amayang'anana n'kugwedeza mitu. Koma nyimbo imeneyo inaikidwa kale m'makinamo kufakitale. Imachoka pa bodi ya m'kati n'kupita kumasipika osadutsa pa kiyi ngakhale imodzi. Kiyibodi imene theka la makiyi ake linafa kalekale imaimba DEMO mokoma chimodzimodzi ndi yongotuluka kumene m'katoni. Chimene mwamva chakuuzani kuti magetsi akulowa ndipo masipika ali moyo, basi.

Chida chogwirapo kale ntchito sichikhala chopanda vuto, ndipo amene akufuna changwiro apite kusitolo. Ntchito ya wogula ndi kupeza mavutowo n'kuwasiyanitsa. Alipo mavuto amene mmisiri wa mawailesi amathana nawo masana amodzi pa ndalama zochepa, ndipo amenewo ndi chifukwa chonenerera mtengo. Alipo ena amene kukonza kwake kumaposa mtengo wa chidacho, kapena zipangizo zake sizipezekanso, ndipo amenewo ndi chifukwa chobwezera ndalama m'thumba n'kutsanzika. Kuti mudziwe kuti vuto lili mbali iti pamafunika pafupifupi ola limodzi muli ndi chidacho m'manja mwanu, magetsi akuyaka. Wogulitsa amene akukana kukupatsani ola limenelo wakuyankhani kale.

Yambani musananyamuke kunyumba. Pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha kachikwangwani kamene kamakhala kunsi kwa kiyibodi. Pamenepo pamalembedwa dzina lenileni la mtundu wake, nambala yakeyake, ndi mphamvu ya magetsi imene imafuna. Kungomva kuti "ndi Yamaha" sikukwanira, chifukwa dzina limenelo lili pa zida zosiyana kwambiri. PSR-E273 ndi PSR-E373 zimafanana maonekedwe ndipo zonse zili ndi makiyi 61, koma yoyambayo siimva kuti mwadina mofewa kapena mwamphamvu, pomwe yachiwiriyo imamva. Kwa mwana amene akuphunzira piyano kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Komanso pamsika pali makiyibodi achinyengo omatidwa maina otchuka, choncho fufuzani pa intaneti ngati kampaniyo inapangadi mtundu wa nambala imeneyo, ndipo yerekezerani mabatani a pachithunzi ndi a pa chidacho. Musatumize chikole pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene katundu wake simunamukhudze. Popita nyamulani mahedifoni, fulashi, kebulo ya jeki, tochi, komanso munthu amene amaimbadi.

Adaputa kaye

Ambiri amaiona adaputa ngati chinthu chongowonjezera, koma makiyibodi ochuluka amafera pomwepa. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo kiyibodi imafuna ochepa kwambiri, okhazikika, olowera mbali yoyenera. PSR-E373 imafuna 12V. Zikuluzikulu monga PSR-S970 zimafuna 16V kudzera pa adaputa yolembedwa PA-300C. Makasiyo ambiri akale ankagwiritsa ntchito 9V, ndipo pa kapulagi kake mbali ya + ndi ya − zinakhala mosemphana ndi za Yamaha. Pafupi ndi polowetsera magetsi pamakhala kachizindikiro kosonyeza ngati pakati pa kapulagi pali + kapena −. Kachizindikiro komweko kali pa adaputa. Ziwirizi zifanane, ndipo nambala ya V ifananenso.

Mukapeza kiyibodi ikuyendera adaputa ya dikoda, kapena ya mtundu uja wokhala ndi kosinthira mavoti pambali, funsani kuti yeniyeni inapita kuti. Nthawi zambiri inapsa, ndipo chimene chinaiwotchacho mwina chinafikanso pa bodi. Onetsetsaninso zida zochokera kunja: adaputa ya ku America yolembedwa 120V yokha, kapena ya ku Japan yolembedwa 100V yokha, imapsa ikangolowa m'soketi yathu. Yolembedwa 100–240V ilibe vuto.

Kiyibodi ikuyaka, gwedezani pang'ono kapulagi pamene kalowera. Ikazima kapena sikirini ikaphethira, ndiye kuti mtovu umene unagwira soketi ku bodi wasweka chifukwa cha kukokedwakokedwa. Limeneli ndi vuto laling'ono, mmisiri amangowotchereranso. Kenako tembenuzani chidacho mutsegule mokhala mabatire. Ufa woyera kapena wobiriwira pa tizitsulo ndi chizindikiro chakuti mabatire anaiwalika m'menemo mpaka kuchucha. Ukathera pa tizitsulo pokha, umapalika. Ukaoneka kuti unayenderera kulowa m'kati, khalani tcheru pa mayeso onse otsatira. Nunkhizaninso pa timabowo ta masipika. Fungo la chopserera, la mkodzo wa makoswe kapena la mphemvu silibisika, ndipo mphemvu zimakonda kufunda kwa m'kati mwa zida zimenezi.

Wogulitsa akati magetsi azima choncho mungokhulupirira, musakhulupirire. Makiyibodi ang'onoang'ono ambiri amayaka ndi mabatire 6 a AA, ndipo kuwagula pagolosale yapafupi n'kotchipa kuposa kunong'oneza bondo. Apo ayi, bweraninso mawa.

Chimene chili pansi pa kiyi

Apa ndiye pagona nkhani. Pansi pa makiyi pali mzere wa timalabala tofewa tonga tizisoti, kamodzi pa kiyi iliyonse. Kunsi kwa kalabala kalikonse kuli timadontho tiwiri takuda timene timadutsitsa magetsi, kena kotsika pang'ono kuposa kanzake. Mukadina kiyi, kadontho koyamba kamakhudza bodi, kenako kachiwiri. Makinawo amayeza kanthawi kamene kadutsa pakati pa kukhudza kuwiriko. Kakakhala kakafupi, amadziwa kuti mwamenya mwamphamvu ndipo amatulutsa mawu okwera. Kakatalika, amatulutsa mawu ofewa. Mukamvetsa zimenezi, mavuto ambiri a makiyi mumawazindikira ndi khutu lokha.

Sankhani liwu la piyano wamba, lopanda ng'oma kapena zokometsera. Pa ma Yamaha ang'onoang'ono batani la PORTABLE GRAND limakufikitsani pomwepo. Yambani kumanzere kwenikweni, mudine kiyi iliyonse, yoyera ndi yakuda, mofewa kwambiri, imodziimodzi mpaka kumanja. Mukafika kumapeto bwererani mukumenya mwamphamvu. Musaimbe nyimbo, chifukwa nyimbo imazungulira pa makiyi ochepa apakati ndipo khutu limatengeka ndi kukoma kwake. Makiyi 61 kawiri ndi ntchito ya mphindi zisanu zokha.

Kiyi imene ikukuwa mokweza ngakhale mwaikhudza pang'ono ili ndi fumbi pa kadontho kamodzi, kapena kalabala kake kang'ambika. Kiyi imene ikungoti zii, kapena ikulira mwa apo ndi apo, nthawi zambiri vuto lake ndi lomwelo. Ngati makiyi otere ndi amodzi kapena awiri omwazikana, musaope. Mmisiri amatsegula, kupukuta bodi ndi timadontho ndi sipiriti, ndipo zikakanika amasintha mzere wa timalabala wa chigawo chimenecho. Chongofunika kudziwa n'chakuti timalabala ta mtundu wina sitilowa pa mtundu wina, ndipo kawirikawiri timachita kuitanitsidwa kunja. Pa mitundu yofala ya Yamaha ndi Casio timapezeka. Pa kiyibodi ya dzina losadziwika mudzasaka mpaka kutopa.

Koma lembani papepala makiyi onse amene afa, muone ngati akutsata ndondomeko. Makiyi salumikizidwa ku bodi aliyense ndi waya wake. Amagawana njira za magetsi m'magulumagulu, moti njira imodzi ikaduka, makiyi amafa motsatana bwino: mwina 6 kapena 8 oyandikana onse pamodzi, mwina ma C onse ndi ma F# onse kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Limenelo si fumbi. Mwina ndi kalamba ka mawaya kamene kasolotoka, chimene ndi chosavuta, koma mwinanso ndi bodi imene inadyeka ndi madzi, tiyi kapena mkodzo wa khoswe. Simungadziwe popanda kutsegula. Ine pa vuto lotere sindilangiza munthu kulipira mmisiri asanaone m'kati, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani.

Pali zinthu zina zooneka ngati matenda pomwe ndi makonzedwe chabe amene mwini wake anasiya. Ngati makiyi onse akulira mofanana posatengera mphamvu ya chala, mwina kumva mphamvu kunazimitsidwa pa FUNCTION. Ngati makiyi onse ali chete koma DEMO ikuimba, onani ngati Local ili pa OFF. Ngati nyimbo ikumveka yokwera kapena yotsika kuposa mmene mumaidziwira, onani TRANSPOSE, pakuti oimba m'matchalitchi ambiri amaimbira kiyi imodzi n'kumasuntha ndi batani limeneli. Njira yachidule pa ma PSR ambiri ndi kuzimitsa, kugwira kiyi yoyera yomalizira kumanja, n'kuyatsa mukadaigwira. Makonzedwe amabwerera mmene anachokera kufakitale. Pemphani kaye chilolezo, chifukwa zina zimene mwini wake anasunga zimafufutika.

Mverani ndi zala zomwe. Kiyi yotsika kuposa anzake, yogwedera cham'mbali kapena yosabwerera msanga ili ndi pulasitiki yothyoka kumizu kwake. Pa piyano zamagetsi za makiyi 88 olemera, monga Yamaha P-45 kapena ma Casio Privia, tsitsani voliyumu mpaka pansi n'kuimba. Kugogoda kwa "kho kho" pamene kiyi ikutsika kapena kubwerera kumasonyeza kuti nsalu yochingira tizitsulo ta m'kati yaphwatalala. Imasinthika, koma ndi ntchito yophwasula chida chonse.

Zotsalazo n'zachangu. Kwezani voliyumu pang'onopang'ono mukumvera ngati ikukhwekhwereza. Imbani manotsi a besi mokweza, khutu lili pa sipika ya kumanzere kenako ya kumanja, chifukwa sipika yong'ambika imanjenjemera pa mawu apansi. Lowetsani mahedifoni, mumve ngati mbali zonse ziwiri zikulira, ndipo mukawazula masipika abwerere. Kwa kwaya kapena bandi, potulukira mawu kupita ku mikisa ndi pofunika kuposa masipika enieniwo, ndipo ndi pamene pamatha msanga chifukwa jeki imalowa ndi kutuluka Lamulungu lililonse. Dinani batani lililonse kamodzi. START/STOP, mabatani a REGISTRATION MEMORY ndi a TEMPO ndiwo amatopa poyamba, ndipo batani lofuna kulikanikiza ndi chala chachikulu lili pafupi kufa. Pedulo ikamagwira mosemphana, mawu n'kumapitirira pamene simunaponde, zimitsani n'kuyatsanso phazi lili kutali. Zikapitirira, mwina pedulo ndi ya kampani ina.

Sikirini ndiyo ndimaiopa. Pa makiyibodi akuluakulu okhala ndi masitayilo, pafupifupi chilichonse chimasankhidwa poyang'ana pa sikirini. Ikayamba mizeremizere, kapena theka lake likachita mdima, siichira, imangoipiraipira, ndipo ya mtundu wakale imavuta kupeza. Ena amakuuzani kuti "imayera ikatentha". Mawu amenewo akutanthauza kuti yayamba kale kufa. Samalaninso ndi mitundu yakale kwambiri monga PSR-2000 imene imasungira pa madisiki aja a fulope, pakuti lero kuwapeza ndi ntchito.

Tiyerekeze kuti kwaya yapeza PSR-E463, mtundu umene unatuluka mu 2018, ndipo mwini wake akufuna K500,000. Mtengowu ndi wongoyerekezera kuti tione kawerengedwe kake. Kunsi kwalembedwa 12V, koma adaputa imene ilipo si yake ngakhale nayo ndi ya 12V ndipo kachizindikiro ka + kakugwirizana. Mokhala mabatire ndi moyera. Poyesa makiyi, E wapakati akukuwa nthawi zonse, ndipo A wakumtunda akulira kawiri pa katatu. Makiyi awiriwa sali pa ndondomeko iliyonse, choncho ndi timalabala. Fulashi ikulowa pa USB TO DEVICE ndipo ikuwerengeka. Sikirini ndi yoyera, mahedifoni akulira mbali zonse. Oyesawo aisiya ikuyaka akucheza ndi mwini wake, ndipo patatha mphindi 30 yazima yokha. Apa wina angadzidzimuke, koma mtundu umenewu unapangidwa kuti uzidzizimitsa ukakhala osakhudzidwa kwa nthawi imeneyo, ndipo zimasinthika pa FUNCTION. Kuzima koopsa ndi kumene kumachitika munthu akuimba, makamaka voliyumu ikakwera. Choncho aiyatsanso, ayambitsa sitayilo, aimba mokweza kwa mphindi 20, ndipo siinazime.

Kiyibodi imeneyi ndi yogulika. Chotsala ndi kuimbira foni mmisiri pomwepo kufunsa mtengo wotsegula ndi kupukuta, kufunsa mtengo wa adaputa yeniyeni, n'kuchotsa ziwirizo pa K500,000 ija. Mtengo wotsalawo auyerekeze ndi wa yatsopano ya msinkhu womwewo kusitolo. Ukayandikira kwambiri, bola kuwonjezera pang'ono n'kugula yatsopano yokhala ndi galanti. Koma zikanakhala kuti makiyi akufawo ndi ma E onse ndi ma A# onse, kapena kuti inazima pakati pa nyimbo, yankho likanakhala lina ngakhale mwini wake akanatsika kufika pa theka.

Piyano ya matabwa

Mapiyano enieni, a nsambo ndi tinyundo, ndi ochepa kuno, koma amapezeka: m'nyumba za mishoni, m'sukulu zakale, kwa anthu akunja amene akubwerera kwawo, ndi ena obwera m'makontena. Amakopa maso, ndipo nthawi zina amagulitsidwa motchipa modabwitsa kapena kungoperekedwa kwa amene angawanyamule. Apa mpamene mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu umagwira ntchito, pakuti thabwa lakunja lonyezimira silinena kanthu za m'kati.

M'piyano muli nsambo zachitsulo zoposa 200, ndipo zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18. Chimene chimapirira kukoka kumeneku ndi felemu yachitsulo chosungunula, yolemera, imene kawirikawiri imapakidwa utoto wagolide. Nsambo iliyonse inakulungidwa pa chikhomo chachitsulo, ndipo chikhomocho chinakhomedwa m'thabwa lolimba lokhuthala limene lili kuseri kwa felemuyo. Palibe nati kapena loko wogwira chikhomo. Chimangogwidwa ndi kuthina kwa bowo la m'thabwalo. Wotchuna piyano amapotoza chikhomo ndi sipanala yake, ndipo chimayenera kukhala pamene wachisiya. Thabwa lija likauma n'kung'aluka, kapena mabowo akakula, zikhomo zimabwerera zokha ndipo piyano siisunganso tchuni. Mutha kuitana katswiri lero, pofika sabata yamawa yasokonekeranso. Kusintha thabwalo kumafuna kuchotsa nsambo zonse ndi felemu yomwe, ntchito imene pa piyano wamba yoimirira imaposa mtengo wa piyanoyo. Limeneli ndiye funso lalikulu pa piyano iliyonse yakale, ndipo ena onse amabwera pambuyo.

Nyengo yathu imalikulitsa vutoli. Thabwa limafufuma m'miyezi ya mvula n'kunyala m'chilimwe, chaka ndi chaka, ndipo piyano imene inakhala zaka zambiri ku Ulaya kapena ku Japan imadzidzimuka ikakumana ndi kuuma kwa Okutobala. Zikhomo zimakhala zothina mu Febuluwale kuposa mu Okutobala, choncho piyano yoyesedwa nthawi ya dzinja imatha kuoneka yabwino kuposa mmene ilili. Kunyanja ndi kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje mdani wina ndi dzimbiri pa nsambo.

Mungadziwe bwanji popanda sipanala ya katswiri? Ikani pafoni pulogalamu yotchunira zida, imene oimba gitala amagwiritsa ntchito, n'kudina A amene ali kumanja kwa C wapakati. Ayenera kuonetsa 440 Hz kapena pafupi pamenepo. Akaonetsa cha m'ma 415, piyano yatsika ndi theka la toni. Yesani ma A ena ndi ma C. Ngati piyano yonse yatsika mofanana, ndiye kuti yangokhala zaka osatchunidwa. Imatha kukwezedwa, koma pamafunika kuitchuna kawiri kapena katatu, ndipo nsambo zadzimbiri zimaduka pokokedwa. Choopsa ndi china. Kuyambira pakati kupita kumanja, kiyi iliyonse imamenya nsambo zitatu zimene ziyenera kulira ngati imodzi. Zikasiyana pang'ono, liwu limachita mafunde, ndipo zimenezo n'zachizolowezi. Koma mukadina kiyi imodzi n'kumva manotsi awiri osiyaniratu, ngati mwadina makiyi awiri oyandikana, chikhomo chimodzi chamasuka. Makiyi otere akakhala angapo m'dera limodzi, thabwa lang'aluka pamenepo.

Tsegulani chivundikiro chapamwamba, muchotse thabwa lakutsogolo limene limangogwidwa ndi tokolowekera tiwiri m'mbali, muunike zikhomo ndi tochi. Zizindikiro za choko pa zikhomo zina kawirikawiri zimasiyidwa ndi wotchuna amene anazipeza zolobodoka. Madontho akuda onga mafuta kuzungulira zikhomo amasonyeza kuti wina anathirapo mankhwala ofufumitsa thabwa. Zikhomo zimene zakhomeredwa m'kati mpaka nsambo yokulungidwayo kukhudza felemu zikusonyeza kuti njira yomaliza yozithinitsira inagwiritsidwa kale ntchito. Yang'anani felemu yonse, pamwamba ndi pansi. Mng'alu pa chitsulo chimenechi ndi mapeto a nkhani.

Mukadali pomwepo onani kayalidwe ka nsambo. Pa piyano zamakono nsambo za besi zimapingasa pamwamba pa zinzake ngati X. Pa zakale kwambiri, zambiri za ku Britain za zaka zoposa 100, nsambo zonse zimatsika choongoka, ndipo kutsogolo kwa tinyundo kumaoneka mzere wa mawaya ataliatali okwera ku thabwa lopingasa pamwamba. Zimenezi nthawi zambiri zimakhala ndi makiyi 85 m'malo mwa 88, ndiponso zokongoletsa zosemasema. Mawu ake sazima bwino, kuzitchuna n'kovuta, ndipo akatswiri ambiri amazikana. Musagulire mwana wophunzira piyano yotere.

Chotsani thabwa la pansi pa makiyi, limene limamasuka mukakankha kachitsulo kopindika kali pakati kumtunda kwake. Muno ndi mmene mumaonekera alendo. Timilu ta ufa wa thabwa ndi timabowo ting'onoting'ono ndi ntchito ya tizilombo tofumbula matabwa. Timizere ta dothi tokwera m'mbali ndi chiswe, ndipo chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu lokha, choncho gogodani matabwa ndi chala mumve ngati ali gwa. Zinyenyeswa za nsalu ndi manyi a makoswe zikutanthauza kuti nsalu za pansi pa makiyi zinasanduka chisa. Njenjete nazo zimadya ubweya wa tinyundo. Mzere wa madzi pa matabwa apansi umakuuzani kuti piyano inakhalapo m'chigumula kapena pa simenti yonyowa. Onaninso mlatho, kathabwa kopindika kamene nsambo zimadutsapo zogwidwa ndi timisomali. Ming'alu yotsatira timisomali timeneti, makamaka pa mlatho wa besi, ndi vuto lalikulu.

Thabwa lalikulu lopyapyala la kumbuyo, limene limakuza mawu, anthu amaliopa kuposa muyeso. Mng'alu woonda pamenepo si imfa ya piyano. Umavuta pokhapokha ngati nthiti zomatidwa kumbuyo kwake zamatuka, ndipo mudzamva kunjenjemera kwa "zzz" mukamenya manotsi ena mwamphamvu. Musanaweruze, chotsani zithunzi ndi mabuku pamwamba pa piyano, pakuti nazo zimanjenjemera.

Makiyi muwayese monga pa kiyibodi, mofewa ndi mwamphamvu, kenako kiyi iliyonse kanayi mofulumira kuti muone ngati kanyundo kakubwerera msanga. Makiyi ochepa omata nthawi ya mvula ndi thabwa lofufuma, ndipo katswiri amawamasula mosavuta. Mukachotsa chala mawu azime, kupatula makiyi pafupifupi 20 akumanja kwenikweni amene mwachipangidwe alibe zozimitsira mawu. Tinyundo tokhala ndi timizere tosazama pamene timamenya nsambo tikhoza kupalidwa. Tophwatalala, kapena timene ubweya wake wamatuka pa thabwa, tifunika kusintha, ndipo zimenezo ndi ndalama zambiri. Pa felemu pamadindidwa nambala ya piyano, imene imakuuzani zaka zake. Pa ma Yamaha opangidwa ku Japan, monga U1 ndi U3, nambala ya m'ma 3,000,000 ndi ya cha m'ma 1980. Wogulitsa akati piyano ndi ya zaka khumi, nambalayo idzanena zoona.

Mayeso onsewa amakuthandizani kukana piyano yoipa. Kuti muvomere yabwino pamafunikabe wotchuna piyano adzaike sipanala pa zikhomo n'kumva kuthina kwake ndi dzanja. Anthu a luso limeneli ndi osowa m'dziko muno, choncho mupezeni musanagule, mudziwe kumene amakhala ndi mtengo womubweretsera kwanu, chifukwa mudzamufuna kamodzi kapena kawiri chaka chilichonse. Ngati kwanu sangafike, piyano yamagetsi ya makiyi 88 olemera idzakutumikirani bwino kuposa ya matabwa yosatchunidwa. Werengeraninso zonyamula. Piyano yoimirira imalemera makilogalamu 200 kapena kuposa, kulemera kwake kuli kumbuyo moti imagwa chagada mosavuta, ndipo timatayala take si toyendera panja. Pamafunika amuna anayi amphamvu, zingwe, mabulangete, ndi galimoto imene piyano ingaimiriremo itamangidwa msana wake utatsamira khoma. Ikafika, ikhale kutali ndi zenera la dzuwa kwa masabata awiri kapena atatu isanatchunidwe.

Kaya ndi kiyibodi kaya piyano, funso lomaliza ndi la mwini wake. Makiyibodi amabedwa m'matchalitchi ndi m'sukulu, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba kungakugwetseni m'mlandu ngakhale munalipira ndalama zanu. Kachikwangwani ka kunsi kakakhala kopalidwa kapena komatulidwa, pamene pa pulasitiki pakuoneka kuti panafufutidwa dzina lolembedwa ndi penti, musagule. Funsani lisiti yakale kapena mbiri yomveka ya kumene chidacho chinachokera. Ngati wogulitsa akuti ndi cha mpingo kapena cha sukulu, pakhale kalata ya akuluakulu a kumeneko yololeza kugulitsa. Kenako lembani pepala la mgwirizano makope awiri: tsiku, dzina la wogulitsa ndi nambala ya chitupa chake cha unzika, mtundu wa chida ndi nambala yake, mtengo, zimene zaperekedwa pamodzi nacho monga adaputa, pedulo ndi sitandi, ndiponso mavuto amene nonse mwawaona. Ngati wavomera kuti mutha kubweza pasanathe masiku atatu vuto lina likatulukira, mawu amenewo alowe papepalapo, ndipo mboni ya mbali iliyonse isaine ndalama zisanachoke m'manja mwanu.